Chikonzekero cha phunziro la malembo ndi maliwu

Chikonzekero cha phunziro la malembo ndi maliwu ndi ndondomeko imene mphunzitsi wa sekondale amalemba kuti ophunzira azisiyanitsa lembo, lomwe limaoneka, ndi liwu, lomwe limamveka. Chimagwiritsidwa ntchito pa phunziro la Chinyanja, chomwe chimaphunzitsidwa m'masukulu a ku Lusaka monga a ku Chilenje.

Chimakhala ndi cholinga, zipangizo, masitepe ndi mafunso oyesera, ndipo kawirikawiri chimakwana mphindi 40. Poyamba mphunzitsi amatchula mawu osawalemba, ophunzira nkuwerenga maliwu ake. Kenaka amawalemba pabolodi kuti awerenge malembo. Mawu akuti nyama ali ndi malembo 5 koma maliwu 4, chifukwa ny ndi liwu limodzi. Pomaliza amayerekeza pala ndi phala, pomwe h akungosonyeza mpweya wotuluka pambuyo pa p.

Kalembedwe ka ku Zambia, kovomerezedwa mu 1977, kamapereka chitsanzo china: amalemba cimanga pamene ku Malawi amalemba chimanga, katchulidwe kali kamodzi. Wophunzira amene sanamvetse amadziwika potchula ph ngati f, kutsata Chingerezi.

Mawu ogwirizana nawo: vawelo, konsonanti, phatikizo.