Utsi wakuda wa galimoto zakale za dizilo

Utsi wakuda ndi mwaye wa dizilo amene sanapse bwino. Mpweya ukachepa mu injini, kapena mafuta akachuluka, otsalawo amatuluka ngati utsi. Galimoto zambiri zakale zimachita zimenezi chifukwa pampu yake siyeza mpweya. Dalaivala akaponda moto, iyo imangothira mafuta.

Lole yonyamula mbatatesi ku Tsangano ikafuka utsi pachitunda pokha, n'kusiya dalaivala akatsitsa giya, nthawi zambiri injini imakhala ili bwino. Katundu ndiye walemera.

Koma utsi ukamatuluka ngakhale pamsewu wosakwera, yambani mwaona fyuluta ya mpweya, chifukwa fumbi la m'chilimwe limaitseka msanga. Mukaika yatsopano utsi osatha, pitani nayo kwa makaniko akayeze manozo. Manozo akatha amadontheza dizilo m'malo momuwaza ngati nkhungu, ndipo injini imanjenjemera n'kumadya mafuta ambiri. Kukweza pampu sikuchiza vutoli, kumangowonjezera utsi ndi kutentha.

Utsi wabuluu ndi nkhani ina. Umasonyeza kuti oilo akupsa, kawirikawiri chifukwa maring'i atha.