Nyale ikuyaka koma kompyuta sikuona saundikhadi

M'masitudiyo ang'onoang'ono, kumene oimba ndi makwaya amajambulitsa nyimbo zawo, kabokosi kolumikiza maikolofoni ku kompyuta ambiri amangokatchula kuti saundikhadi, ena amati intafesi. Ntchito yake ndi kutenga mawu a maikolofoni kapena gitala, kuwakweza mphamvu, n'kuwasandutsa manambala amene kompyuta imatha kusunga. Pomvetsera imachita zomwezo mobwerera. Munthu akaigula n'kuilumikiza koma osamva kanthu, mawu oyamba kutuluka pakamwa amakhala akuti "ikufuna madalaiva." Nthawi zina n'zoona, koma nthawi zambiri dalaiva amangonamiziridwa. Mawu akuti "kompyuta sikuiona" amaphimba mavuto anayi osiyana: saundikhadi sikulandira moto wokwanira, kapena sinadzidziwitse kwa kompyuta, kapena yadzidziwitsa koma ilibe dalaiva woyenera, kapenanso zonsezi zili bwino koma pulogalamu yojambulira ikuyang'ana kwina. Lililonse lili ndi chizindikiro chake, ndipo amafufuzidwa motsatana, kuyambira pa chingwe.

Tiyerekeze kuti munthu wagula Scarlett 2i2 ya kampani ya Focusrite, ya mtundu umene unatuluka mu 2019, kwa mnzake amene anaigwiritsapo kale ntchito. Yabwera yopanda katoni, yopandanso chingwe chake. Kumbuyo kwake kuli poti ya USB-C, choncho iye watenga chingwe cha tchaja ya foni n'kulumikiza ku laputopu ya Windows 10. Nyale zayaka. Watsegula FL Studio, koma pa mndandanda wa zipangizo dzina la Focusrite palibe.

Nyale imeneyi ndi imene imapusitsa anthu. Mkati mwa chingwe wamba cha USB muli timawaya tinayi. Tiwiri timanyamula moto wa mavoti 5, tiwiri tinato ndi todutsamo uthenga. Zingwe zina zotchipa, zopangidwira kutchaja basi, zilibe timawaya ta uthengati, kapena zinali nato koma tinaduka chifukwa chopindapinda. Chingwe chotero chimayatsa nyale bwinobwino, koma kompyuta sidziwa n'komwe kuti pabwera chinthu. Kuyaka kwa nyale kumangotsimikizira kuti moto wafika. Njira yachidule yoyesera chingwe ndi kulumikiza nacho foni ku kompyuta: ngati foni ikungotchaja, osafunsa zotumiza zithunzi kapena mafayilo, chingwecho n'chokayikitsa.

Kuti timvetse zimene zimachitika chingwe chikakhala chabwino, tiganizire mlendo wofika pakhomo. Akaodira amalandiridwa, amapatsidwa pokhala, kenako eninyumba amamufunsa malonje: ndinu yani, mwachokera kuti, mwadzera chiyani. Kompyuta imachitanso chimodzimodzi m'kanthawi kochepa kwambiri. Ikazindikira kuti pa poti palowa chinthu, imachipatsa nambala yoti izichiitanira, n'kuchifunsa kuti chifotokoze chimene chili. Saundikhadi imayankha ndi manambala awiri, ya kampani imene inaipanga ndi ya mtundu wake, n'kunenanso kuti ili m'gulu la zipangizo za mawu. Kompyuta imafunafuna dalaiva pokhapokha yankho limeneli litafika. N'chifukwa chake kuika madalaiva pamene malonjewo sanachitike n'kungotha bandulo pachabe.

Malo oonera ngati achitika pa Windows ndi Device Manager. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, n'kulemba:

```
devmgmt.msc
```

Musathamangire kufunafuna dzina. Zulani chingwe, dikirani pang'ono, n'kuchilowetsanso maso ali pa sikirini. Ngati kompyuta yamva kanthu, mndandanda wonse umaphethira ngati ukudzilembanso, ndipo sipika imalira kamawu kodziwika kaja. Kwa mnzathu wa Scarlett uja, mndandanda sukugwedezeka n'komwe. Pamenepo nkhani ya dalaiva ndi yosayamba. Vuto lili pa chingwe, pa poti ya laputopu, kapena pa poti ya saundikhadi yeniyeniyo. Wasintha chingwe, waika chimene amatumizira mafayilo a pafoni, ndipo mndandanda waphethira.

Mndandandawo ukaphethira, chotsatira ndi kuona kumene chipangizocho chagwera, chifukwa malo ake ndi amene amanena matenda. Chikaoneka pansi pa Universal Serial Bus controllers ndi dzina lakuti Unknown USB Device (Device Descriptor Request Failed), kawirikawiri pamodzi ndi Code 43, ndiye kuti kompyuta inafunsa koma yankho silinamveke. Limeneli likadali vuto la chingwe, poti kapena moto, ngakhale pali kachizindikiro kachikasu kamene anthu ambiri akakaona amati ndi dalaiva. Chikaoneka pansi pa Other devices ndi dzina lake kapena dzina losamveka bwino, n'kulembedwa Code 28, apo ndiye pa dalaiva penipeni: chadzidziwitsa, koma Windows ilibe pulogalamu yochiyendetsera. Chikaoneka pansi pa Sound, video and game controllers chili ndi Code 10, dalaiva alipo koma walephera kuchidzutsa, mwina chifukwa ndi wakale, ndi wa mtundu wina wa saundikhadi, kapena sanalowe bwino. Chikakhala pamalo omwewo popanda chizindikiro chilichonse, Windows yamaliza mbali yake.

Za moto zija zimafuna kuti tiimepo pang'ono, chifukwa zimasokoneza ngakhale anthu ozolowera. Masaundikhadi aang'ono alibe pulagi yawoyawo, amadya moto wa pa USB. Poti ya USB 2.0 imapereka mpaka mamiliampu 500, ya USB 3.0 mpaka 900. Koma habu yopanda adaputa yake, ija imene timalumikizapo mbewa, kiyibodi ndi fulashi nthawi imodzi, imagawa moto wa poti imodzi kwa zonsezo, ndipo malamulo a USB 2.0 amangoilola kulonjeza mamiliampu 100 pa poti iliyonse. Chizindikiro cha moto wochepa n'chakuti saundikhadi imaoneka kenako n'kusowa, kenako n'kuonekanso. Nthawi zina imakhala bwinobwino mpaka mutadina batani la 48V, lopereka moto ku maikolofoni a kondensa, pomwepo n'kuzima. Ikatero ilumikizeni mwachindunji ku laputopu, popanda habu kapena chingwe chotalikitsira (USB 2.0 sinapangidwire chingwe chopitirira mamita 5). Pa kompyuta ya padesiki, mapoti akumbuyo ndi odalirika kuposa akutsogolo. Ndipo ngati magetsi azima ndipo laputopu ikuyendera batire, kumbukirani kuti Windows ili ndi chizolowezi chogoneka mapoti pofuna kusunga moto. Dzina lake mu Power Options ndi USB selective suspend setting, ndipo pa makina ojambulira nyimbo ndi bwino kulizimitsa.

Tsopano dalaiva. Imeneyi ndi pulogalamu yaing'ono yokhala pakati pa Windows ndi chipangizo, yodziwa malamulo amene chipangizocho chimamva. Pa masaundikhadi pali madalaiva a mitundu iwiri, ndipo kusokoneza mitunduyi ndi kumene kumabala mikangano. Woyamba ndi dalaiva wa onse, amene amabwera kale m'kompyuta. Opanga zipangizo anagwirizana njira imodzi yotumizira mawu pa USB, yotchedwa USB Audio Class, ndipo saundikhadi yotsatira njira imeneyi imagwira ntchito popanda kuika chilichonse. Pa Mac ndi pa Linux ndi mmene masaundikhadi ambiri amayendera. Windows inachedwa: dalaiva wake wa USB Audio Class 2.0 anabwera mu 2017, ndi Windows 10 ya 1703. Choncho laputopu yakale ya Windows 7 imatha kukana saundikhadi yomwe pa makina atsopano imangolowa yokha.

Wachiwiri ndi dalaiva wa kampani yopanga saundikhadiyo, ndipo chachikulu chimene amabweretsa ndi ASIO. Imeneyi ndi njira imene kampani ya Steinberg, eni ake a Cubase, inakonza kuti pulogalamu yojambulira izilankhula ndi saundikhadi mosadutsa m'makhwalala a Windows. Phindu lake n'lakuti woimba amadzimva m'mahedifoni nthawi yomweyo, osati mochedwa. Apa ndi pamene pamachitika chinthu chodabwitsa ambiri: nyimbo za pa YouTube zikumveka kudzera mu saundikhadi, koma mu FL Studio kapena Cubase dzina lake la ASIO palibe. Palibe chawonongeka. Windows ikugwiritsa ntchito dalaiva wa onse uja, ndipo wa kampani sanaikidwe.

Mnzathu uja atasintha chingwe, pa laputopu paoneka chinthu chonga fulashi. Ma Scarlett a mtundu umenewu, ngati sanakonzedwepo, amayamba adzionetsa choncho kuti akutsogolereni kokatenga pulogalamu yawo, ndipo fulashiyo imachoka mukaika Focusrite Control. Iye, pofuna kutsimikiza chimene wagula (za kaunjika zimafuna maso), watsegula Properties ya chipangizocho mu Device Manager, kenako Details, n'kusankha Hardware Ids. Pakuoneka mzere wokhala ndi izi:

```
USB\VID_1235&PID_8210
```

Nambala 1235 ndi ya Focusrite, 8210 ndi ya mtundu wa 2i2 umenewu. Manambalawa amathandiza makamaka ngati zolemba za pa bokosi zinafufutika. Wapita pa webusaiti ya kampaniyo, watenga pulogalamu ya mtundu wake, wazula saundikhadi, waika pulogalamuyo, wazimitsa laputopu n'kuiyatsanso, kenako walumikiza. Kuzimitsa ndi kuyatsaku ambiri amakulumpha chifukwa cha changu, koma madalaiva ambiri samaliza kulowa popanda kutero. Kukanakhala kuti m'laputopumo munali dalaiva wakale wosokoneza, akanayamba wamuchotsa ndi Uninstall device, atachonga kabokosi kakuti Delete the driver software for this device. Mapulogalamu aja olonjeza kukupezerani madalaiva onse nthawi imodzi ine sindiwakhulupirira pa saundikhadi. Amatha kuika dalaiva wa chipangizo chofanana nacho dzina, n'kukusiyirani Code 10 amene munalibe.

Chatsala ndi pulogalamu yojambulira, imene sidzisankhira yokha saundikhadi yatsopano. Mu FL Studio pitani pa Options, kenako Audio settings, ndipo pa Device musankhe Focusrite USB ASIO. Mu Cubase ndi pa Studio Setup. Ngati pulogalamuyo inali yotsegula kale pamene mumalumikiza, itsekeni n'kuitsegulanso, chifukwa ambiri amawerenga mndandanda wa zipangizo poyamba pokha. Pa mndandanda womwewo mungapezenso ASIO4ALL, yomwe ambiri amaithamangira. Imeneyi si dalaiva weniweni wa saundikhadi yanu. Imangovala pamwamba pa dalaiva wa Windows kuti aoneke ngati ASIO. Imathandiza pa masaundikhadi otchipa omwe alibe ASIO yawo, koma pamene kampani inapereka yake, gwiritsani ya kampaniyo. Ndipo ngati mawu akutuluka koma maikolofoni sikumveka mu Audacity, OBS kapena Zoom, onani mu Settings, pa Privacy, pa Microphone, ngati mapulogalamu analoledwa kuigwiritsa ntchito.

Pa Mac mafunso ndi omwewa, malo okha ndi ena: System Information, pa USB, imasonyeza ngati chipangizo chadzidziwitsa, ndipo Audio MIDI Setup imasonyeza ngati chalandiridwa monga cha mawu. Pa Linux malamulo awiri amakwanira:

```
lsusb
arecord -l
```

Loyamba limaonetsa zimene zili pa USB, lachiwiri zimene zingathe kujambula mawu.

Ngati mwayesa zingwe ziwiri zodziwika kuti n'zabwino ndi mapoti onse, Device Manager osagwedezekabe, nyamulani saundikhadiyo mukailumikize pa kompyuta ya mnzanu. Ikaoneka kumeneko, vuto lili m'laputopu yanu. Ikapanda kuonekanso, ndi yowonongeka, kawirikawiri pa poti yake ya USB yomwe imagwedera ikakalamba, ndipo palibe dalaiva amene angaikonze. Ipititseni kwa mmisiri kapena muibweze kumene munaigula.