Melasima

Melasima ndi mawu achipatala ochokera ku Chigiriki, otanthauza kuda. Amanena za zigamba zoderapo zimene zimatuluka mbali zonse ziwiri za nkhope mofanana: m'masaya, pamphumi ndi pamwamba pa mlomo. Siziyabwa, sizipweteka, ndiponso sizipatsirana. Zimabwera pamene maselo opanga melanini, chinthu chimene chimapatsa khungu mtundu wake, ayamba kupanga wochuluka pamalo ena. Zimakonda amayi oyembekezera, omwa mapilitsi olerera ndi amene kumtundu kwawo ziliko kale.

Dzuwa ndilo limadzutsa maselowa, ndipo kutentha kumawonjezera. Mayi wogulitsa tomato mumsika wa Zomba amaona zigamba zake zikudetsedwa mu Okutobala, makamaka ngati madzulo amawerama pambaula. Kuphiri nako n'konamiza. Ku Chawe mphepo imazizira, koma pamalo okwera chotero cheza cha dzuwa chimakhala champhamvu kuposa m'tauni, ngakhale munthu sakumva kuwotcha.

Zigamba zobwera ndi pakati nthawi zambiri zimazimirira pakapita miyezi mayi atachira. Zina zimafuna mafuta opaka olembedwa ndi dokotala, monga haidirokwinoni, amene amatenga milungu 8 mpaka 12 kuti kusintha kuoneke. Amachepetsa zigambazo koma sazithetseratu, ndipo zimabwerera munthu akasiya chipewa chachikulu ndi mafuta oteteza kudzuwa a SPF 30 kapena kuposerapo. Mafuta oyeretsa khungu ogula pamsika amaoneka ngati akuthandiza poyamba, kenako khungu limapyapyala ndi kuda koposa kale.