Pamene kwacha inali kupambana dola

Mukakhala pa kantemba mu Matero kapena mu Chawama, nkhani ya mtengo wa unga ikangoyamba, sipalephera mdala wina kunena kuti, "Inu ana simudziwa, nthawi ya a Kaunda kwacha inali kupambana dola." Achinyamata amaseka, amayesa ni nthano za pa mowa. Koma mdalayo sanama. Kwacha itayamba kugwira nchito pa 16 Januwale 1968, K1 inali kugula dola imodzi ndi masenti 40. Chimene ambiri sitifunsa n'chakuti nambala imeneyi inachokera kuti, anali kuigwirira ndani, ndipo n'chifukwa chiyani inatithawa. Kuti tiyankhe, tiyenera kubwerera ku nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse.

Mu Julayi 1944, nkhondo isanathe, nthumwi za maiko 44 zinakumana pa malo ochedwa Bretton Woods ku Amereka. Anthu awa anali kukumbukira mavuto a zaka za m'ma 1930, pamene dziko lililonse linali kutsitsa mtengo wa ndalama yake kuti katundu wake achipe kunja, anzake n'kubwezera, malonda n'kufa. Anagwirizana kuti ndalama zonse zikhale ndi mtengo wokhazikika. Amereka, amene pa nthawiyo anali ndi golide wambiri kuposa dziko lina lililonse, analonjeza kuti adzapereka aunsi imodzi ya golide, imene ni magalamu 31 ndi pang'ono, pa madola 35 alionse. Maiko ena onse anamangirira ndalama zawo ku dola kapena ku golide. Pa msonkhano womwewo ndi pamene panabadwira bungwe la IMF, kuti liziyang'anira panganoli ndi kubwereketsa madola ku dziko limene laperewedwa kwa kanthawi.

Tisasokoneze apa. Munthu wamba sanali kuloledwa kupita ku banki ndi mapepala ake kukatenga golide. Lonjezo la Amereka linali kwa maboma ndi mabanki akulu a maiko ena chabe. Choncho unali ngati unyolo: ndalama ya dziko laling'ono inali kugwira ku paundi kapena ku dola, dola n'kugwira ku golide.

Nanga mtengo wokhazikikawo anali kuusunga bwanji? Sikunali kungolengeza pa wailesi ayi. Tengani paundi ya ku Britain, imene kuyambira mu Seputembala 1949 inali pa madola 2.80. Pangano linali kulola kuti mtengo usunthe ndi 1 peresenti chabe, kukwera kapena kutsika. Anthu ogulitsa mapaundi akachuluka, mtengo n'kutsika kufika pa 2.78, banki yaikulu ya Britain inali kutulutsa madola m'nkhokwe yake n'kugula mapaundiwo. Ofuna mapaundi akachuluka, mtengo n'kufika pa 2.82, bankiyo inali kugulitsa mapaundi n'kusunga madola. Kugulitsa ndalama yako n'kosavuta, chifukwa umadinda wekha. Koma kuigula kumafuna madola, ndipo madola amatha. Chinsinsi chonse cha mtengo wokhazikika chagona pamenepa: umakhala ndi moyo malinga ngati nkhokwe ili ndi kanthu.

Ife tinalowa mu unyolo umenewu kudzera ku Britain. Nthawi ya atsamunda ndi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, paundi ya kuno inali yofanana ndi ya ku London. Titalandira ufulu mu 1964, Banki ya Zambia inatulutsa paundi yathu pa mtengo womwewo wa madola 2.80, ndipo mu 1965 Zambia inalowa mu IMF. Pamene boma linasintha ndalama mu 1968, linangogawa paundi pawiri: paundi imodzi inakhala K2, ndipo K1 inatenga malo a masheleni 10. Gawani 2.80 pawiri, mupeza 1.40. Ndiko kumene kunachokera nambala ija. Poti aunsi ya golide inali madola 35, aunsi imodzi inali K25, kutanthauza kuti K1 inali kuimira galamu imodzi ndi kota ya golide, kuperewera pang'ono chabe.

Muone bwino apa. Boma likanasankha kugawa paundi panayi, K1 ikanakhala masenti 70 a ku Amereka, ndipo palibe munthu mu Kalingalinga amene akanasauka ndi ngwee imodzi, chifukwa malipiro ndi mitengo zikanangolembedwa ndi manambala owirikiza kawiri. Japan anasunga ndalama yake pa mayeni 360 pa dola imodzi kuchokera mu 1949 kufikira mu 1971, pamene chuma chake chinali kukula mofulumira kuposa cha maiko ambiri. Kukula kwa nambala sikuonetsa mphamvu. Mphamvu ili pa kukwanitsa kusunga nambala imene walonjeza.

Mayeso oyamba a Zambia anabwera kwacha isanabadwe n'komwe. Pa 18 Novembala 1967, Britain, atatopa ndi kutaya madola poteteza paundi, anaitsitsa kuchoka pa 2.80 kufika pa 2.40. Maiko onse amene ndalama zawo zinali zomangika ku paundi anayenera kusankha: kutsika naye pamodzi kapena kutsala. Malawi anatsika naye. Tiyi, fodya ndi nshawa za ku Malawi zinali kugulitsidwa kwambiri ku Britain, ndipo boma la a Kamuzu linali kulandira thandizo la ndalama kuchokera komweko. Zambia inakana kutsika. Kopa inali pa mtengo wabwino ndipo inali kubweretsa ndalama zakunja zoposa 90 pa 100 iliyonse. Komanso katundu wambiri amene tinali kugula anali kuchokera ku South Africa ndi ku Rhodesia, maiko amene sanatsitse ndalama zawo. Tikanatsika, katundu yenseyo akanadula tsiku lomwelo.

Tiyeni tiwerengere pamodzi zimene chisankhochi chinatanthauza. Makina a mapaundi 100 ochokera ku Britain kale anali kufuna mapaundi 100 a kuno, amene ni K200. Paundi itatsika, makina omwewo anali madola 240, ndipo mukagawa 240 ndi 1.40 mupeza K171 ndi ngwee 43. Wogula anapulumutsa pafupifupi K29. Tiyerekezenso munthu wa ku Mchinji amene anali kugwira nchito mu Lusaka, n'kutumiza K20 kwa amai ake. Pa mtengo wakale ndalamayo ikanafika ngati mapaundi 10 a ku Malawi. Manje K20 inali madola 28, ndipo 28 kugawa ndi 2.40 inali kupereka mapaundi 11, masheleni 13 ndi mapeni 4. Koma panalinso kuluza. Mapaundi 100 alionse amene dziko linasunga ku London, amene dzulo lake anali madola 280, anatsala madola 240. Amene amasunga chuma chake mu ndalama ya mnzake, amadwala mnzakeyo akadwala.

Pamene izi zinali kuchitika, unyolo unali utayamba kale kuchita dzimbiri kumwamba, pakati pa dola ndi golide. Katswiri wina wa zachuma, a Robert Triffin, anachenjeza za vutoli mu 1960. Kuti malonda a dziko lonse akule, panafunika madola ambiri kunja kwa Amereka. Koma madola akachuluka kunja kuposa golide amene ali m'nkhokwe, lonjezo la madola 35 limasanduka la pakamwa chabe. Zili ngati mwini golosale amene walemba timapepala 100 tolonjeza thumba la unga, pamene m'sitolo muli matumba 40. Zinthu zimayenda bwino kufikira tsiku limene eni timapepala adzabwera onse pamodzi. Nkhondo ya ku Vietnam inawonjezera madola otuluka, ndipo France pansi pa a Charles de Gaulle inayamba kubweza madola n'kumatenga golide weniweni. Golide wa Amereka, amene m'zaka za m'ma 1950 anali pafupifupi matani 20,000, anatsika kufika pochepera theka lake. Pa 15 Ogasiti 1971, pulezidenti Richard Nixon analengeza kuti Amereka waleka kupereka golide posinthana ndi madola.

Maiko anayesa kusoka chigamba. Mu Disembala 1971 anakweza mtengo wa golide kufika pa madola 38, ndipo kwacha inatsatira dola, n'kukhalabe pa 1.40. Mu Febuluwale 1973 dola inatsikanso, golide n'kufika pa madola 42.22. Ulendo uno Zambia sinatsatire, ndipo K1 inakwera kufika pa dola imodzi ndi masenti opitirira 55. Apa ndi pamene kwacha inaoneka yamphamvu kuposa nthawi ina iliyonse, koma sikuti migodi inatulutsa kopa yambiri usiku umodzi, ni dola imene inagwa. Mu Malichi chaka chomwecho, maiko olemera anasiya ndalama zawo kuti msika uzizipatsa mtengo, ndipo pangano la 1944 linathera pamenepo.

Zambia inapitiriza kugwira mtengo wake yokha, popanda golide kumbuyo. Chimene chinali kuugwirira chinali kopa basi. Mafuta anakwera mtengo kwambiri kumapeto kwa 1973, malire a Rhodesia anali otseka kuyambira mu Januwale chaka chomwecho, ndipo mu 1975 mtengo wa kopa unagwa. Madola olowa anachepa, ofuna madola sanachepe. Pa pepala kwacha inali ikadali yamphamvu, koma zizindikiro za mtengo umene nkhokwe singathenso kuuteteza zinayamba kuoneka, ndipo n'zimodzimodzi kulikonse. Banki yaikulu imayamba kugawa madola mwa chilolezo, ndipo amalonda amadikira miyezi. Makampani akunja amene anatumiza katundu amachedwa kulipidwa. Mafakitale amasowa zipangizo, sopo ndi saladi n'kusowa m'masitolo, anthu n'kumalawirira pa mzere. Pomaliza pamabadwa mitengo iwiri ya dola, wa ku banki ndi wa mumsewu, ndipo kutalikirana kwa iwiriyi ndiko kumakuuzani kukula kwa bodza. Mu Julayi 1976 boma linachotsa kwacha ku dola n'kuitsitsa ndi 20 peresenti. Mu Okutobala 1985, madola atayamba kugulitsidwa pa okishoni, mtengo unalumpha kuchoka pa K2 ndi pang'ono kufika pa K5 pa dola imodzi sabata yoyamba yomwe.

M'zaka zaposachedwa Banki ya Zambia yakhala ikugula golide wa kuno, kuphatikizapo wa ku mgodi wa Kansanshi ku Solwezi, ndipo ena amaganiza kuti tabwerera ku nthawi ija. Sizili choncho. Golide ameneyo ni gawo la nkhokwe, mofanana ndi madola, koma palibe lonjezo lakuti kwacha iliyonse ikuimira magalamu akutiakuti, ndipo palibe dziko lerolino limene limapereka lonjezo lotere. Wina akadzakuuzani pa msonkhano kuti adzaimika dola pa mtengo umodzi, musamufunse kuti pa zingati. Mufunseni kuti m'nkhokwe muli madola okwanira kugula katundu wakunja kwa miyezi ingati, ndipo kopa ikadzatsika mtengo ngati mu 1975, madola ogulira kwacha adzawatenga kuti.