Masiku awiri amene anasaukitsa obwereka masheya a Volkswagen

Malonda amene tinazolowera ndi ogula cinthu cikachipa ndi kucigulitsa cikadula. Koma pa misika ya masheya pali anthu amene amayamba ndi kugulitsa, kugula kumabwera pambuyo. Amabwereka masheya kwa mwini wake, amawagulitsa lero, ndipo amadikira kuti mtengo ugwe kuti awagulenso mochipa ndi kuwabweza. Ngongole yao imawerengedwa m'masheya. Amene wabwereka masheya 100 ayenera kubweza masheya 100, kaya pa tsikulo ali pa mtengo wotani.

Mu 2008 amalonda ambiri anacita zimenezi ndi masheya a Volkswagen, kampani ya magalimoto ya ku Jeremani. Maganizo ao sanali opusa. Banki ya Lehman Brothers inali itagwa mu Seputembala, anthu anacepetsa kugula magalimoto, koma masheya a Volkswagen anali akali okwera. Iwo anaona kuti posacedwa adzatsika.

Tiyerekeze munthu amene anabwereka masheya 100 ndi kuwagulitsa pa Cisanu, pa 24 Okutobala, pamene sheya imodzi inali pafupifupi mayuro 210. Analandira mayuro 21,000. Mtengo ukanatsika kufika pa 150, akanawagulanso ndi 15,000, ndi kutsala ndi 6,000, kucotsapo kandalama kolipira wobwereketsa. Ngakhale kampaniyo ikanafa, sheya nkukhala yopanda mtengo, phindu lake silikanapitirira 21,000, cifukwa mtengo sungatsike kupyola ziro. Koma kumwamba kulibe denga. Yuro iliyonse imene sheya yakwera imamudyera mayuro 100, ndipo palibe nambala imene mtengo uyenera kuimapo.

Pa Sondo, pa 26 Okutobala, kampani ya Porsche inalengeza kuti ili ndi maperesenti 42.6 a masheya ovotera a Volkswagen, komanso mapangano okhudza ena 31.5. Onse pamodzi anali 74.1. Boma la cigawo ca Lower Saxony linali ndi pafupifupi 20, ndipo silinali kugulitsa. Conco masheya otsala pamsika sanafike maperesenti 6, pamene obwerekedwa ndi kugulitsidwa anali pafupifupi 12. Pa masheya awiri alionse ofunika kubweza, pamsika panali imodzi cabe.

Msika wa ku Frankfurt utatsegulidwa pa Mande, obwereka onse anathamangira kukagula nthawi imodzi. Kugula kwaoko kunakweza mtengo, ndipo mtengo utakwera, ena amene anali kuzengereza nawo anacita mantha nkuyamba kugula. Tsikulo sheya inadutsa mayuro 500. Pa Ciwiri, pa 28 Okutobala, inadutsa 1,000, ndipo kwa kanthawi Volkswagen inakhala kampani ya mtengo wapatali kuposa ina iliyonse padziko. Munthu wathu uja, kuti abweze masheya 100, anafunika mayuro 100,000. Analuza 79,000, pafupifupi kuwirikiza kanai ndalama zimene analandira poyamba.

Mwina mungafunse kuti n'cifukwa ciani sanangodikira. Wobwereka masheya amasiya cikole kwa buloka, amene ndi mkhalapakati wa malondawo. Mtengo ukakwera, buloka amafuna cikole coonjezera mwamsanga. Ukalephera kupereka, iye amagula masheyawo pa mtengo wa tsikulo ndi kukulipiritsa. Mwini masheya nayenso angathe kuwaitanitsa nthawi iliyonse. Amene anagula masheya ndi ndalama zake, mtengo ukagwa angakhale cete zaka zambiri, ndipo sangaluze zoposa zimene anaikamo. Wobwereka alibe ufulu umenewo.

Pa 29 Okutobala, Porsche inati imasula mpaka maperesenti 5 kuti masheya apezeke pamsika, ndipo mtengo unayamba kutsika. Miyezi itapita, unatsika kwambiri monga mmene amalonda aja anaganizira. Koma ambiri anali atagula kale pa mitengo yokwera, ndipo pamodzi analuza mabiliyoni a mayuro. Porsche nayo sinapambane. Ngongole zinaikulira, inalephera kutenga Volkswagen, ndipo mu 2012 Volkswagen ndiyo inatenga mbali yonse ya Porsche yopanga magalimoto.

Cizindikiro ca ngozi yotere cimaoneka poyerekezera nambala ziwiri: masheya amene abwerekedwa ndi kugulitsidwa, ndi masheya amene eni ake angalole kugulitsa. Yoyamba ikayandikira yaciwiri kapena kuiposa, mtengo umasiya kutsatira mmene kampani ikuyendera, umatsatira mantha a ofuna kubweza ngongole. Mu 2008 vuto linali lakuti mapangano a Porsche sanali kuonekera poyera, conco obwereka anawerengera masheya amene kwenikweni panalibe, mpaka cilengezo ca pa Sondo paja.