Gemu ikazima yokha: kuwerenga lipoti la Windows kuti wolakwa adziwike

M'nyumba za ku Area 15 mumzinda wa Lilongwe, monganso kulikonse kumene achinyamata amasewera magemu pa kompyuta, gemu ikangozima mwadzidzidzi ambiri amathamangira kuifufuta n'kuikoperanso. Ikakhala gemu yaikulu ngati Grand Theft Auto V, bando ya intaneti imathera pomwepo, koma vuto n'kubwereranso mawa lake. Chikhalirecho Windows imakhala italemba kale lipoti lonena pamene pulogalamuyo yagwera.

Gemu siyenda yokha. Fayilo yaikulu, monga `GTA5.exe`, imaitana tizigawo tambiri totchedwa mamojulo, ambiri mwa iwo okhala ndi dzina lothera ndi `.dll`. Ena ndi a gemu yomweyo, ena ndi a Windows, ena ndi a kampani yopanga khadi ya zithunzi, ndipo ena ndi mamodi amene wosewera anawonjezera yekha. Limodzi likalakwitsa, gemu yonse imagwa.

Lipotilo limapezeka podina `Win+R` n'kulemba `eventvwr.msc`, kenako kutsegula `Windows Logs` ndi `Application`. Pamenepo pafunika mzere wa `Application Error` wokhala ndi nambala 1000, ndipo nthawi yake igwirizane ndi mphindi imene gemu inazima. Kusayang'ana nthawi kumasokeretsa ambiri, chifukwa amayamba kufufuza vuto la pulogalamu ina ya sabata yatha.

Mwachitsanzo, wosewera amene anaika mamodi asanu ndi atatu angapeze mizere iyi pakati pa ina:

```
Faulting application name: GTA5.exe
Faulting module name: ntdll.dll
Exception code: 0xc0000374
Faulting module path: C:\WINDOWS\SYSTEM32\ntdll.dll
```

Mzere woyamba ukutchula pulogalamu imene yagwa, wachiwiri mojulo imene kugwako kwachitikira, ndipo wachinayi ukusonyeza kumene mojuloyo imakhala. Wowerenga mofulumira anganene kuti `ntdll.dll` ndiyo yawonongeka, n'kupita kukakopera ina pa masamba osadziwika a pa intaneti. Kumeneko n'kudziitanira mavairasi, ndipo sikukonza kanthu. `ntdll.dll` ndi gawo la Windows limene, mwa ntchito zake zina, limagawira mapulogalamu malo m'memori. Nambala `0xc0000374` imatanthauza kuti dongosolo la malowo lapezeka litasokonezedwa. Amene anasokoneza ndi wina, mwina masekondi angapo m'mbuyomo. `ntdll.dll` yangopeza zowonongekazo n'kuimitsa gemu. Ili ngati mlonda amene wakuwa ataona chitseko chothyoka. Zimakhalanso choncho kawirikawiri ndi `KERNELBASE.dll`.

Lipoti likaloza mlonda chotere, wolakwa amapezeka pochotsera. Mu Grand Theft Auto V mamodi a mtundu wa `.asi` amalowetsedwa ndi fayilo ya `dinput8.dll` imene wosewera anaika m'foda ya gemu. Ikasinthidwa dzina kukhala `dinput8.bak`, mamodi onsewo sayambanso. Gemu ikayenda ola lathunthu osagwa pamalo pamene imagwera, ndiye kuti vuto lili m'mamodi. Dzina lija libwezedwe, mamodi anayi achotsedwe, anayi atsale. Gemu ikagwa, wolakwa ali mwa otsalawo. Ikapanda kugwa, ali mwa ochotsedwa. Kugawa pakati motere katatu kumakwanira kupeza modi imodzi mwa isanu ndi itatu, pokhapokha ngati awiri akuyambana okhaokha, pamene kuyesa kumatalikirapo.

Nthawi zina lipoti limanena zoona mosabisa. Mojulo ikakhala `nvwgf2umx.dll`, imeneyo ndi dalaivala ya NVIDIA. `atidxx64.dll` ndi ya AMD, ndipo `igd10iumd64.dll` ndi ya Intel, yofala m'malaputopu akale ogulidwa kaunjika. Apa nambala imakonda kukhala `0xc0000005`, kutanthauza kuti pulogalamu yayesa kuwerenga kapena kulemba pamalo a memori pamene ilibe chilolezo. Choyamba kuyesa ndicho kuika dalaivala yatsopano kuchokera kwa kampani yeniyeniyo, kapena kubwerera ku yakale ngati vuto linayamba itangosinthidwa.

Lipoti limodzi silikwanira kugamulira mlandu. Dzina lomwelo likabwera katatu motsatizana, umboni ndi wolimba. Koma likamasinthasintha, lero dalaivala, mawa `ntdll.dll`, mkuja fayilo ya gemu, kukayikira kupite ku makina enieniwo: memori yofooka kapena kutentha, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene fumbi ladzaza m'mafani. Lamulo la `mdsched.exe` limayesa memori.

Pali nthawi inanso imene mzere wa 1000 supezeka konse. Kompyuta yonse ikazima n'kuyambiranso, pansi pa `System` pamalembedwa `Kernel-Power` wa nambala 41, wonena kuti makina sanazimitsidwe m'njira yake. Mzerewu sutchula chifukwa. Kukhoza kukhala kuthima kapena kuphethira kwa magetsi a ESCOM, kukhozanso kukhala pawa sapulaya yotopa imene ikulephera kudyetsa khadi ya zithunzi gemu ikafika pamalo polemera. Mafani a m'nyumba ndi mababu akakhala kuti sanaphethire, ndi bwino kuyamba ndi pawa sapulaya.