Kukwera pang'ono kwa ALT ndi AST munthu akamaliza mankhwala

ALT ndi AST ndi timadzi tothandiza maselo a chiwindi kugwira ntchito. Maselowa akapwetekeka, timadziti timatulukira m'magazi ndipo muyeso wake umakwera. Zipatala zambiri zimaika malire pafupi ndi mayunitsi 40 pa lita imodzi.

Mankhwala a chifuwa chachikulu otchedwa aisoniazidi amakweza muyesowu mwa anthu 10 mpaka 20 pa 100 alionse, ndipo mwa ambiri umatsika wokha. Munthu amene wamaliza mankhwalawa napezeka ndi ALT ya 75, koma akupeza bwino, kawirikawiri amangoyezedwanso pakapita milungu ingapo. Kwa amene adakamwabe, madokotala amaimitsa mankhwalawa muyeso ukaposa 200, kapena ukaposa 120 pamene wodwalayo akusanza, ali ndi maso achikasu kapena mkodzo wakuda.

AST imapezekanso m'minofu, choncho ntchito yolemetsa ingaikweze chiwindi chili bwinobwino. Mowa nawo umakonda kukweza AST kuposa ALT. Muyeso ukapanda kutsika, dokotala amafufuza matenda otupa chiwindi a mtundu wa B ndi C, mafuta m'chiwindi, komanso mankhwala azitsamba amene munthuyo akumwa.